Lamulo la Ziphuphu: Anaika Mpiringidzo Ndani, Nausunga Ndani?

Chaka cha 1995 Nyumba ya Malamulo ya dziko lino inapanga lamulo loletsa ziphuphu, ndipo m'lamulo lomwelo munabadwa bungwe limene anthu onse, kuyambira ku likulu la Boma ku Lilongwe kufikira pa msika wa fodya wa Chinkhoma ku Kasungu, amalitchula ndi malemba atatu aja, ACB. Amene anavomereza lamuloli anali nduna ndi aphungu, ndiwo anthu omwe lamuloli likadayamba kuwaluma. Tsono funso limene tifuna kuika pamaso pa awerengi athu lero ndi ili: kodi chimene chimachititsa Boma kudula lokha chikoti chimene mawa chingagwe pamsana pake nchiyani?

Funsoli si la m'makoleji mokha ai. Lamulo lomweli limanena kuti wantchito wa Boma amene wapatsidwa kapena kulonjezedwa chiphuphu ayenera kukanena ku polisi kapena ku ACB asanathe maola 48. Kalaliki wa pa boma la Kasungu kapena mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya ku Santhe, asanatenge njinga yake kukanena, ali ndi chifukwa chofunira kudziwa ngati amene anapanga lamuloli anali kunenetsa. Pakuti ngati lamulo lili ngati gule wongotulutsidwa pamene alendo afika, wonena zoona adzapezeka ali yekha pabwalo alendowo atapita.

Anthu ophunzira za kayendetsedwe ka maiko agawanika pawiri poyankha. Gulu loyamba likuti wolamulira ali ngati mlimi wa fodya m'mwezi wa Ogasiti. Asanafese nazale amayamba wakhala pansi nawerengera mtengo wa feteleza, malipiro a aganyu, ndi mitengo imene fodya anagulidwa ku okushoni chaka chathachi. Akaona kuti sapindula amadzala soya. Chomwechonso, akutero iwo, mtsogoleri amavomera lamulo la ziphuphu pokhapokha ataona kuti phindu lake, kaya ndi mavoti, kaya ndi chithandizo cha maiko akunja, kaya ndi mpata wofoola adani ake, likuposa chimene ataye. M'nkhani ino tiziwatcha a Phindu.

Gulu lachiwiri likuti ai, mlimi uja simunamuone bwino. Sasankha m'malere. Anapeza zigafa zitamangidwa kale ndi bambo ake, kalabu yake ndi ya fodya, ngongole imaperekedwa kwa olima fodya, ndipo m'mudzi mwao mwamuna wosalima fodya samuyesa mlimi. Malamulo, maofesi ndi zizolowezi zimene munthu wazipeza ndizo zimamuuza zimene angasankhe, ngakhalenso zimene aziyesa zoyenera. Boma nalo limatsata njira imene maboma anzake apondamo, ndipo chinthu chikakhazikitsidwa chimavuta kuchizula. Awa tiziwatcha a Mwambo.

Ife tiona kuti kukangana kwa magulu awiriwa sikungathe ngati tingolankhula za ziphuphu mwachisawawa. Nchifukwa chake tasankha ndime imodzi yokha ya lamulo lathu, ndime 42, kuti tiitsate kuchokera pamene inalembedwa kufikira pamene inachotsedwa.

Mmene zinalili kale ndi mmene zinasinthira

Tiyambe ndi kukumbukira kuti pa zaka 30 za ulamuliro wa Dr. H. Kamuzu Banda dziko lino linalibe bungwe lotere. Si kuti kunalibe chilango. Kalaliki wosowetsa ndalama za msonkho ankapita kundende mosachedwa, ndipo lamulo la 1966 lolanda katundu linapatsa Boma mphamvu yotenga chuma cha munthu popanda kupita naye kukhoti. Koma kugawa zabwino za dziko kwa anthu okhulupirika kunali kololedwa ndi lamulo lenilenilo, ndipo palibe malo amene izi zinaonekera bwino koposa zidikha za Kasungu. Lamulo la mbeu zapadera linati fodya wa bale ndi wa fuluu, ndiye wa ndalama zambiri, azilimidwa ndi okhawo opatsidwa chilolezo, ndipo ambiri a iwo anali eni maesiteti. Mlimi wamba ankagulitsa fodya wake wa chikopa ku ADMARC pa mtengo wotsika. Malaisensi, malo ndi ngongole za ku banki zinkafika msanga kwa akuluakulu a chipani ndi a Boma. Alimi wamba anayamba kuloledwa kulima bale, kudzera m'makalabu, mu 1990. A Mwambo amati zaka zimenezo zinasiya chizolowezi m'mitima ya anthu, choti chikalata chochokera ku ofesi ndi mphatso ya bwana imene munthu ayenera kuithokoza ndi nkhuku. Pa mfundo iyi ife tiwavomereza, pakuti chizolowezi chimenechi sitinachione chikutha ndi kusintha kwa boma.

Tsono nchifukwa ninji bungweli linabwera mu 1995? A Phindu ali ndi yankho lao lokonzeka. M'mwezi wa Meyi 1992 maiko othandiza dziko lino, atakumana ku Paris, anaimitsa chithandizo chao chonse kupatula cha zachifundo. Boma la a Bakili Muluzi, limene linalowa mu Meyi 1994, linapeza mosungira chuma muli mbee, ndipo linayenera kuonetsa eni ndalamawo kuti zinthu zasintha. Komanso chipani cha UDF chinalibe aphungu okwanira kulamulira chokha: pa mipando 177 chinapeza 85, MCP 56, AFORD 36. Mai wina wophunzira wa ku Amereka, Barbara Geddes, m'buku lake la 1994 lonena za maiko a ku Latini Amereka, anaonetsa kuti zipani zimavomera kudzimanga manja pamene zili zofanana mphamvu, popeza pamenepo palibe chimene chitaya koposa chinzake. Ku Amereka komweko, lamulo la 1883 loti ntchito za Boma zizipezedwa ndi mayeso linavomerezedwa ndi chipani chimene chinali chitangogonja pa chisankho cha aphungu cha 1882.

Yankholi ndi labwino, koma silifotokoza chinthu chimodzi. Ngati aphungu athu anali kungowerengera phindu lao, bwanji chimene anatulutsa chinafanana chotere ndi cha anzao a kutali? Njira zolimbana ndi ziphuphu ndi zambiri. Akadatha kulimbikitsa nthambi ya polisi, kapena ofesi ya mkulu wolondoloza ndalama za Boma. Koma anasankha bungwe loima palokha, la ntchito zitatu: kufufuza, kuteteza ndi kuphunzitsa anthu. Chimenechi ndi chifanizo cha bungwe la ku Hong Kong la 1974. Anzathu a ku Zambia anali atapanga lamulo lao mu 1980, a ku Botswana anatsegula bungwe lao mu 1994. Kunyumba kuno, ndime 13 ya malamulo aakulu a dziko a 1994 inali italamula kale Boma kuika njira zosungira kukhulupirika ndi chilungamo pa chuma cha anthu. Olemba lamulo anatenga patani imene telala aliyense wa m'maiko a Komoniwelefu anali nayo pa tebulo. Apa a Mwambo ndiwo anena zoona.

Mpiringidzo uja

M'patani imeneyo munali ndime 42. Inati ACB ingathe kufufuza, ingathe kumanga munthu, koma singayambe kumzenga mlandu wa ziphuphu popanda chilolezo cha Mkulu Wozenga Milandu ya Boma. Mkulu ameneyu amasankhidwa ndi Pulezidenti, monganso mkulu wa ACB, ndipo onse awiri amatsimikizidwa ndi komiti ya aphungu yoona za kusankhidwa kwa akuluakulu.

Kuti tione mmene mpiringidzowu unkagwirira ntchito, tiyerekeze nkhani, ndipo tinenetse kuti ndi yongoyerekeza. Kalabu ya alimi a ku Chulu yadinda mabelo 40 a bale. Kalaliki wina wa ofesi ina akuti kuti mapepala ao ayende msanga, belo lililonse lisiye kangachepe. Alimi akudziwa kuti fodya akakhalitsa panjira amatsika giredi, ndipo mvula ya chiperoni ikampeza amaola, motero ambiri angopereka. Koma mlembi wa kalabuyo, amene ali mphunzitsi wopuma, akwera basi ulendo wa makilomita oposa 120 kupita ku Lilongwe kukadandaula. Dandaulo lake lilembedwa, liunikidwa, ndipo mkulu wa bungwe alamula kuti lifufuzidwe. Ofufuza abwera ku Kasungu, atenga umboni wa alimi, aona mabuku a ofesi. Mlandu wakwanira, ndipo chilango chake chingafike zaka 12 m'ndende. Fayilo itumizidwa kwa Mkulu Wozenga Milandu.

Ngati mlandu uthera pa kalalikiyo, chilolezo chibwera popanda vuto. Koma tiyerekeze kuti ofufuza apeza kuti ndalamazo zinkakwera makwerero, kuchoka kwa kalaliki kupita kwa bwana wake, kuchoka kwa bwanayo kupita kwa munthu wa mpando amene Boma likumfuna pa chisankho chikudzacho. Monga lamulo la 1995 linalili, Mkulu uja sanafunikire kukana. Anangofunika kuika fayilo m'dirowa. Panalibe tsiku loikika loti ayankhe, ndipo panalibe womfunsa chifukwa. Nyengo ziwiri za fodya zikadutsa, mboni ina yasamukira ku Mzimba, ina yamwalira, ina yaona kuti kalaliki uja akadali pa desiki lake ndipo mapepala a kalabu yao tsopano ndiwo amatsirizira kusainidwa. Mlandu wafa popanda munthu woupha.

Munthu akaona izi athamangira kunena kuti a Phindu apambana: andale anaika mpiringidzo dala kuti adziteteze. Koma mbiri ikutsutsa. Ndime yotere sinayambire ku Zomba. Lamulo la ku Mangalande loletsa ziphuphu la 1906 linali kale ndi mau oti mlandu wotere usayambe popanda chilolezo cha mkulu wa zamalamulo wa Boma, ndipo cholinga chake chinali chomveka: kuteteza anthu ku milandu yongosemerana chifukwa cha kaduka. Lamulo la ku Hong Kong lili ndi ndime yonga yomweyo, la ku Zambia chimodzimodzi. Mpiringidzo unabwera pamodzi ndi chitseko. Kumene unachokera unkagwira ntchito bwino chifukwa wousunga anali wotetezedwa ndi mwambo wolimba woti andale asamlamule. Kuno tinalandira mpiringidzo, mwambo wousunga unatsala kutsidya la nyanja.

Chimene chionetsa dzanja la a Phindu ndi chimene chinachitika anthu atazindikira vutoli. M'zaka zotsiriza za boma la a Muluzi chithandizo cha ku bajeti chinaimitsidwa, ndipo mu 2002 dziko la Denmark linatseka ofesi yake kuno ndi kuchotsa chithandizo chake. Mau ofuna kuti ndime 42 ichotsedwe anamveka m'dziko muno ndi kunja komwe. Mu 2004, chisankho chili pafupi, Nyumba ya Malamulo inakonzanso lamuloli. Inaonjezamo zinthu zabwino ndithu, monga mlandu wogwiritsa ntchito udindo molakwa, ndi chitetezo cha anthu oulula. Koma pa ndime 42 inangofika pakati. Chilolezo chinatsala, chimene chinasintha nchakuti Mkulu Wozenga Milandu ayankhe asanathe masiku 30, akakana apereke zifukwa zolembedwa ndi kudziwitsa komiti ya aphungu yoona zamalamulo, ndipo akangokhala chete ACB ipitirire ngati kuti waloleza.

Taonani muyeso wake. Anapereka zokwanira kuti eni chithandizo aone kuti china chachitika, nasunga zokwanira kuti mlandu woopsa uthe kuimitsidwa ndi kalata imodzi. Kumeneku sikungatchedwe kutsata patani, pakuti aliyense m'Nyumbamo ankadziwa chimene ndimeyo inkachita. Mlembi wa kalabu ya ku Chulu uja anapindulapo pang'ono: fayilo yake sikadagonanso m'dirowa zaka ziwiri. Koma ikadatha kubwezedwa m'mwezi umodzi ndi mau oti umboni ngosakwanira.

Boma la Dr. Bingu wa Mutharika, limene linalowa mu Meyi 2004, ndi chitsanzo chimene a Phindu amachikonda koposa, ndipo sitichedwapo. Mtsogoleriyo analengeza kuti sadzalekerera ziphuphu ngakhale pang'ono. Anali ndi zifukwa ziwiri zooneka. Chithandizo chinayenera kubwerera, ndipo chinabwereradi, kufikira mu 2006 dziko linakhululukidwa ngongole zakunja za madola pafupifupi 3 biliyoni. Chachiwiri, anali pa mkangano ndi chipani chimene chinamuika pa mpando, chimene anatulukamo mu Febuluwale 2005. Aphunzitsi adzakumbukira kuti nduna yao ya zamaphunziro, a Yusuf Mwawa, inaweruzidwa mu 2006 kukhala m'ndende zaka zisanu chifukwa cholipirira phwando la ukwati ndi ndalama za Boma. Ichi chinali chinthu chachilendo ndi choyamikika. Komabe m'zaka zisanu ndi zitatu za boma limenelo, ngakhale pamene linali ndi aphungu ochuluka kuyambira 2009, ndime 42 sinachotsedwe. Mtsogoleri wofuna kugwiritsa ntchito chikoti safuna kutaya chigwiriro chake.

Ngakhale Kashigeti sinaugwedeze. Mu Seputembala 2013, mkulu woona za bajeti, a Paul Mphwiyo, ataomberedwa, zinaululika kuti ndalama za Boma zinkatuluka kulipira makampani amene sanagwire ntchito iliyonse. Maiko othandiza anaimitsa madola pafupifupi 150 miliyoni. Chaka chisanathe, boma la Mai Joyce Banda linapititsa lamulo loti akuluakulu a Boma azilembetsa chuma chao, chinthu chimene malamulo aakulu a dziko ankachifuna kuyambira kale koma chinalibe ofesi yochiyendetsa. Liwiro limenelo likutiphunzitsa kuti nthawi imene lamulo limabadwa imadziwika poyang'ana thumba la Boma. Koma mpiringidzo unakhalabe zaka zina zisanu ndi zinai.

Pamene unachotsedwa

Mu 2021 Pulezidenti Lazarus Chakwera anasankha Mai Martha Chizuma kukhala mkulu wa ACB. Komiti ya aphungu inayamba yawakana m'mwezi wa Meyi, koma anthu atakwiya, mipingo, mabungwe ndi nyuzi zitalankhula, komiti yomweyo inawavomereza sabata isanathe. Apa pali chinthu chimene a Phindu sachifotokoza bwino. Aphungu a 1995 sanawerengere kuti patapita zaka 26 bungwe lao lidzakhala ndi eni ake kunja kwa Nyumba, anthu wamba amene amaliyesa lao, oti wolikhudza wakhudza iwo. Palibe boma limene layesa kulithetsa, ngakhale maboma amene linawavutitsa. Amalimana ndalama, amachedwa kusankha mkulu wake, koma kulitseka ai. Mtengo unadzalidwa kuti alendo auone, koma unamera mizu.

M'chiyambi cha 2022 ACB ndi Mkulu Wozenga Milandu anasemphana poyera pa chilolezo cha milandu yokhudza malonda a Zuneth Sattar ndi Boma. Nkhani imene kale inkathera m'makalata a maofesi awiri tsopano inali pa wailesi iliyonse. M'chaka chomwecho phungu wa ku Likoma anabweretsa bilo yakeyake yochotsa chilolezocho, Nyumba inavomereza, ndipo Pulezidenti anasaina. Patapita zaka 27, mpiringidzo unachoka. Tinene mosabisa kuti chimenechi chinali chinthu chabwino, ndipo amene anachichita ayenera kuyamikidwa. A Phindu adzati mtengo wousunga unali utakwera koposa phindu lake: mgwirizano wa Tonse unali utalonjeza kuthetsa ziphuphu pa chisankho cha 2020, ndipo Boma linali pa zokambirana ndi bungwe la IMF. A Mwambo adzati mtengowo unakwezedwa ndi chiyani, ngati si bungwe lomwelo limene linakula nilipeza mau? Onse awiri ali ndi gawo lao pa chaka chimenechi.

Koma nyumba ija inali ndi chitseko china kuseri. Ndime 99 ya malamulo aakulu a dziko imapatsa Mkulu Wozenga Milandu mphamvu yotenga mlandu uliwonse woyambidwa ndi wina, ndi kuuthetsa chiweruzo chisanaperekedwe, malinga apereke zifukwa ku komiti ya aphungu yoona zamalamulo asanathe masiku khumi. Lamulo wamba la Nyumba silingachotse mphamvu imeneyi. Mu Meyi 2023 mlandu wa a Muluzi wa ndalama zokwana K1.7 biliyoni, umene unakhala m'khoti kuyambira 2009, unathetsedwa motero. Mu Meyi 2024 mlandu wa malemu Dr. Saulos Chilima, amene ACB inawamanga mu Novembala 2022 ali wachiwiri kwa Pulezidenti, unathetsedwanso. Onse awiri anakana milanduyo ndipo palibe khoti limene linawapeza olakwa. Ife sitikuweruza munthu pano. Chimene tikuonetsa ndi njira yokha. Kale mlandu unkaimitsidwa usanalowe m'khoti. Kuyambira 2022 ungathe kulowa, koma ungathenso kutulutsidwa.

Kusiyana kwake sikochepa monga ena aganizira. Kukana chilolezo kunkachitika mwakachetechete, pamene kuthetsa mlandu umene uli kale m'khoti kumachitika anthu onse akuona, ndipo wouthetsa amalipira ndi mbiri yake. Wowerengera phindu aliyense amaganiza kawiri asanalipire mtengo wotere chifukwa cha munthu wamng'ono. Kwa alimi a ku Chulu aja, tanthauzo lake ndi lakuti mlandu wa kalaliki ndi bwana wake tsopano uli ndi njira yotseguka kufikira pamaso pa woweruza. Ndi pa makwerero apamwamba okha pamene chitseko cha kuseri chingatsegulidwe. Ndiponso tisaiwale kuti Mai Chizuma anamangidwa ndi apolisi m'bandakucha wa pa 6 Disembala 2022, miyezi yowerengeka chichotsereni ndime ija, ndi kuti mkulu wina wa bungweli, a Issa Njauju, anaphedwa mu Julaye 2015. Zopinga zina sizilembedwa m'buku la malamulo.

Chiweruzo chathu pa mkangano wa magulu awiri aja ndi ichi. Pa funso lakuti lamulo libwera liti, ndi lakuti mano ake akhala angati, a Phindu alondola kawirikawiri, ndipo zaka za 1995, 2004, 2013 ndi 2022 zonse zigwa pa nthawi imene Boma linali kusowa ndalama zakunja kapena kuyang'ana chisankho. Pa funso lakuti lamulolo lioneka bwanji, ndi chifukwa chake silifa woliyambitsa akachoka, a Mwambo ndiwo alondola. Cholakwa cha a Phindu nchakuti amayesa andale anzeru koposa mmene alili, ngati kuti amaona zaka 30 kutsogolo. Cholakwa cha a Mwambo nchakuti amachedwa kuona kuti chinthu chobwera mwa kutsanzira chingasungidwe mwadala.

Izi zili ndi ntchito pa desiki lanu. Kuchokera pa ndondomeko ya dziko yolimbana ndi ziphuphu ya 2008, maunduna ndi makhonsolo analamulidwa kukhala ndi makomiti osunga chilungamo, ndipo ambiri a inu mwakhalapo m'makomiti amenewa. Nawo anabwera mwa patani, ofesi iliyonse chimodzimodzi. Wofuna kudziwa ngati komiti ya pa ofesi yake ili yamoyo asayang'ane chikwangwani cha pakhomo kapena mashati ogawidwa pa tsiku lokumbukira ziphuphu la pa 9 Disembala. Afunse kuti kiyi wa bokosi la madandaulo amasunga ndani, ndipo ngati dandaulo likhudza wosunga kiyiyo limapita kuti. Afunse ngati pali tsiku loikika loyankhira, ndi chimene chimachitika tsikulo likadutsa popanda yankho. Afunsenso kuti ndalama za komitiyo amasainira ndani, pakuti komiti imene iyenera kupempha mafuta a galimoto kwa munthu yemwe ikumfufuza ili ndi ndime 42 yakeyake, ngakhale sinalembedwe. Ndipo ayang'ane m'buku la misonkhano ngati masiku ake onse agwa m'sabata imene oyendera ochokera ku Lilongwe anali kuyembekezeka.